Nyota za pamkono, nyenyezi za paphewa: wamkulu ndani asilikali akafika pamaliro?

*Ndine mkulu wa mpingo, ndipo kwathu kuno amakonda kundipatsa ntchito yoyendetsa mwambo wa maliro. Mwezi watha tinaika m'manda mwana wa mlongo wanga, yemwe anali msilikali. Anzake atafika ndinapereka mpando wakutsogolo kwa bambo wina waimvi, wandodo m'khwapa, koma iye anakana n'kulozera kamnyamata ka tinyenyezi tiwiri paphewa. Ndinachita manyazi pamaso pa mafumu. Kodi munthu wamba angadziwe bwanji wamkulu ndi ntchito ya aliyense pongoona yunifolomu, asanamve n'dzina lomwe?*

Pepani kwambiri ndi zovutazo, bambo, ndipo manyaziwo musawasunge mumtima. Ine ndinavala yunifolomu zaka 24, zambiri mwa izo ndili pabwalo la perete, ndipo ndaperekeza anzanga ambiri kukagona kwawo. Maso anu sanakunamizeni. Bambo waimviyo analidi munthu wolemekezeka pagululo, mwinanso woopedwa kuposa onse. Chimene simunadziwe n'chakuti ku usilikali makwerero alipo awiri, ndipo amene waima pamwamba penipeni pa makwerero oyamba amakhalabe pansi pa amene wangoponda kumene phazi pa makwerero achiwiri. Mukamvetsa chimenechi, zotsalazo n'kuwerenga chabe.

Makwerero oyamba ndi a asilikali amene analowa ntchito ngati asilikali wamba n'kumakwera ndi thukuta lawo: pulayiveti, lansi kopolo, kopolo, sajeni, sitafu sajeni, kenako waranti ofesa, amene anthu ambiri amangomuti sajeni meja. Makwerero achiwiri ndi a maofesala, anthu amene anaphunzira utsogoleri ngati makadeti, monga zimachitikira ku sukulu ya asilikali ya ku Salima, n'kulandira mphamvu yolamula m'dzina la mtsogoleri wa dziko. Awa amayambira pa lefutenanti wachiwiri mpaka kukafika pa jenerali. Kachitidwe kameneka tinakalandira kwa Angerezi kudzera m'gulu la King's African Rifles, lija agogo athu ankaliti Keyala, lomwe linakhazikitsidwa mu 1902. Dziko litalandira ufulu mu 1964, bataliyoni yoyamba ya Keyala ku Zomba ndi imene inasanduka Malawi Rifles, ndipo maranki ndi kavalidwe kake zinatsala momwemo. N'chifukwa chake mukadziwa kuwerenga yunifolomu ya kuno, ya ku Zambia kapena ya ku Kenya sikuvutani kwenikweni.

Pali liwu limodzi limene limatisokoneza tonse. Timati “wapatsidwa nyota”, “ndi wa nyota zitatu”, osasiyanitsa. Liwuli m'Chiswahili limatanthauza nyenyezi, koma ife timalitchulira chizindikiro chilichonse cha ranki. Ndiye munthu akakuuzani kuti kukubwera bwana wa nyota zitatu, sanakuuzeni kanthu. Nyota zitatu za pamkono ndi sajeni. Zitatu za paphewa ndi kaputeni, ndipo sajeniyo akamuona amaima njo n'kumenya sawatcha. Choncho musanayambe kuwerenga kuti n'zingati, yambani mwaona kuti zaoneka bwanji ndipo zili pati. Kuti timvane, m'yankho lino za pamkono ndiziti nyota, za paphewa ndiziti nyenyezi.

Nyota za pamkono ndi mizere yopindika ngati chilembo cha V, nsonga yake kuloza pansi, yosokeredwa pakati pa phewa ndi chigongono. Wopanda kalikonse ndi pulayiveti. Mzere umodzi ndi lansi kopolo, iwiri ndi kopolo, itatu ndi sajeni. Mizere itatu yokhala ndi kachizindikiro kena pamwamba pake ndi sitafu sajeni. Kuwerengako n'kosavuta, koma chothandiza kwambiri n'kudziwa katundu amene mizereyo yasenza. Kopolo amayang'anira kagulu ka anthu 8 kapena 10, amene amadya nawo ndi kugona nawo. Sajeni ndi wachiwiri pagulu la anthu pafupifupi 30, lomwe timaliti pulatuni, ndipo ndi iye amadziwa amene wadwala, amene nsapato yamuthina, zipolopolo zimene zatuluka ndi zimene zabwerera. Pamaliro, ngati mukufuna kudziwa kuti anyamata onyamula bokosi adya nthawi yanji kapena galimoto iime pati, funso limenelo ndi la munthu wa mizere itatu. Mukalipititsa kwa ofesala, iye adzangotembenuka n'kuitana sajeni yemweyo.

Tsopano tifike kwa bambo wanu waimvi. Waranti ofesa savala mizere ndipo savala nyenyezi. Chizindikiro chake chimakhala chimodzi, chachikulu ndithu, ndipo pa yunifolomu ya mwambo chimakhala m'munsi mwa mkono wa jekete, pafupi ndi pamene timavala wotchi. Akavala malaya a mikono yaifupi, amachimangirira pa kalamba kachikopa padzanja, moti munthu wosadziwa amaganiza kuti ndi wotchi yachiwiri. Ichi n'chifukwa chake anthu ambiri amalephera kumuwerenga: amayang'ana paphewa, palibe kanthu, amayang'ana pamwamba pa mkono, palibe kanthu, n'kuganiza kuti ndi msilikali wamba wokalambira pantchito. Tsitsani maso mufike padzanja. Mawaranti ofesa alipo a magulu awiri. Wa gulu lachiwiri nthawi zambiri amakhala sajeni meja wa kampani, gulu la anthu 100 kapena kupitirira pang'ono. Wa gulu loyamba ndiye pamathero a makwererowa, ndipo mmodzi mwa otere amakhala sajeni meja wa bataliyoni yonse, anthu mazana angapo.

Ndodo imene munaiona m'khwapa ija si yoyendera. Ikakhala ya matabwa awiri olumikizidwa kumutu, yokhala ndi zitsulo zonyezimira kunsonga, imatseguka ngati kampasi ya ana a sukulu, ndipo ntchito yake n'kuyeza kutalika kwa sitepe pa perete ndi mpata wa pakati pa mizere. Munthu wonyamula ndodo yotere ndiye mwini mwambo wa asilikali. Amadziwa pamene bokosi liyenera kutembenukira, pamene oomba mfuti aime kuti utsi ndi phokoso zisalunjike kwa anamfedwa, nthawi imene lipenga lilire, ndi mapindidwe a mbendera. Asilikali a pansi pake amamuyankha kuti “bwana”, ndipo ofesala wamng'ono wanzeru amamufunsa nzeru asanalamule kanthu, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma sapatsidwa sawatcha, ndipo iye ndi amene amayamba kupereka sawatcha kwa ofesala aliyense, ngakhale wa msinkhu wa mwana wake. Sawatchayo sipita kwa msinkhu kapena kwa nkhope. Imapita kwa mphamvu ya dziko imene ofesalayo anapatsidwa. Pokana mpando uja, bamboyo sankadzichepetsa mwaulemu wa kumudzi. Akanakhalapo ofesala ali kumbuyo, akanaphwanya mwambo womwewo umene iye amalipidwira kuti ausunge, pamaso pa anyamata ake.

Nyenyezi za paphewa zimayamba motere: imodzi ndi lefutenanti wachiwiri, amene wangotuluka kumene kusukulu. Ziwiri ndi lefutenanti, ndipo ameneyu ndiye mnyamata wanu uja. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku n'kutsogolera pulatuni, choncho n'kutheka kuti malemu anali mmodzi wa anthu ake enieni. Zitatu ndi kaputeni. Mpaka apa, zambiri ndiye wamkulu. Koma pamene anthu amagwa ndi pa sitepe yotsatira, chifukwa chiwerengero chimabwerera pa chimodzi. Meja savala nyenyezi zinayi. Amavala chizindikiro chimodzi chokha, chosiyana maonekedwe ndi nyenyezi. Kwa Angerezi chimenechi ndi chisoti chachifumu. Mayiko amene anasanduka lipabuliki, monga Malawi mu 1966, anachotsa chisoticho n'kuikapo chizindikiro cha dziko lawo, monga a ku Zambia anaikapo nkhwazi. Chizindikiro chimodzichi chimaposa nyenyezi zitatu. Ndinaonapo pamwambo wina woyendetsa mwambo akupereka moni kwa kaputeni poyamba, meja ali chikhalire pambali pake, chifukwa choti m'maso mwake zitatu zinaposa chimodzi. Kaputeniyo anangoweramitsa mutu.

Kuchokera pa meja, nyenyezi zimayambanso kuwonjezeka pansi pa chizindikiro cha dziko chija. Chizindikiro ndi nyenyezi imodzi ndi lefutenanti kenelo, amene amalamula bataliyoni yathunthu, ndiye kuti pabalaki iyeyo ndi mwini mudzi. Chizindikiro ndi nyenyezi ziwiri ndi kenelo. Kuyambira pa kenelo kupita m'mwamba simufunikanso kusuzumira paphewa: yang'anani pakhosi. Pa kolala pamakhala tinsalu tiwiri tofiira, kumanja ndi kumanzere, tooneka muli patali, ndipo mlomo wa chipewa umakhala ndi zokongoletsa zagolide. Mukaona paphewa lupanga ndi ndodo zitapingasana, ameneyo ndi wa gulu la majenerali. Birigediya amavala mosiyana malinga ndi dziko: kwa Angerezi ndi chisoti ndi nyenyezi zitatu, pamene kwina amamuika m'gulu la a lupanga ndi ndodo. Pamwamba pake pali meja jenerali, kenako lefutenanti jenerali, kenako jenerali. Musadabwe kuti lefutenanti jenerali amaposa meja jenerali pamene meja amaposa lefutenanti. Dzina lakale linali sajeni meja jenerali, liwu loti sajeni linangogwa m'njira. Za akuluakulu amenewa sinditaya nazo nthawi, chifukwa safika pamudzi mwadzidzidzi. Kumabwera uthenga, ndipo amayenda ndi wowathandiza amene adzakuuzani yekha pokhala pawo.

Wowathandizayo ndimutchule pang'ono, chifukwa amanamiza maso. Amavala zingwe zolukidwa zagolide zolendewera kuchokera paphewa kufika pachifuwa, ndipo nthawi zambiri ndiye wonyezimira kuposa onse. Anthu amathamangira kumugwira chanza. Koma zingwezo sizinena ranki. Nthawi zambiri zimanena kuti munthuyu akuyenda m'dzina la wamkulu wina. Mukamuona, funani amene iye akumutsegulira chitseko cha galimoto kapena kumunyamulira chikwama cha mapepala. Chimodzimodzinso lamba wofiira wansalu wodutsa paphewa kukafika m'chiuno: m'magulu a asilikali oyenda pansi amavala masajeni ndi mawaranti ofesa akakhala pamwambo kapena pantchito ya tsikulo. Kufiira kwake sikofanana ndi kufiira kwa pa kolala.

Zonse ndanenazi zimaoneka bwino pa yunifolomu ya mwambo, ya jekete ndi mabatani onyezimira. Vuto limabwera asilikali akavala yunifolomu ya mawangamawanga, ndipo kumidzi amafika atavala imeneyi kawirikawiri. Pa yunifolomu imeneyi ranki imasokedwa pa kansalu kolowetsa pa kalamba ka paphewa kapena ka pakati pa chifuwa, ndi ulusi wakuda kapena wosawala. Anachita dala, kuti mdani ali patali asadziwe woyamba kumuombera. Ndiye kuti lamulo lija loti pamkono ndi wamng'ono, paphewa ndi ofesala, pano silikugwiranso ntchito, chifukwa sajeni ndi kenelo onse akhoza kuvala ranki pamalo amodzi. Chotsala ndi maonekedwe okha. Mizere ya V ndi ya makwerero oyamba, kulikonse kumene yaikidwa. Nyenyezi ndi za maofesala.

Apa ndiye pagona msampha umene umakola ngakhale asilikali atsopano. Meja ali ndi chizindikiro chimodzi. Waranti ofesa nayenso ali ndi chizindikiro chimodzi. Pa kansalu ka pachifuwa, muli mamita asanu, ziwirizi zimafanana. Ndikukumbukira mnyamata wina, atangotha miyezi iwiri chimalizireni maphunziro, amene anandimenyera sawatcha yamphamvu kuseri kwa sitolo ya zida, dzanja likunjenjemera pachipewa, poganiza kuti ndine meja. Ndinamuimitsa, n'kumuonetsa kansaluko pafupi, n'kumuuza kuti ayang'ane kukula kwake. Cha waranti ofesa chimakhala chachikulu, chodzaza pakati pa kansalu, nthawi zina chozunguliridwa ndi nkhata ya masamba. Cha meja chimakhala chaching'ono, cha msinkhu wa nyenyezi imodzi, chifukwa chinapangidwa kuti chisiye malo a nyenyezi zimene zidzabwere akakwezedwa. Inu simungapite kukasuzumira pachifuwa pa mlendo, ndiye gwiritsani njira imene siinama: dikirani mphindi imodzi muone sawatcha. Amene wayamba kukweza dzanja ndi wamng'ono, amene wabweza ndi wamkulu. Amene aliyense akumuopa koma palibe akumumenyera sawatcha, ameneyo ndi sajeni meja.

Tiyeni tiyerekeze kuti tili pasiwa limodzi, inu ndi ine, m'mawa wa tsiku loika. Kwafika lole ndi kagalimoto kakang'ono. Pa lole padumpha anyamata pafupifupi 20, ndipo mmodzi wa mizere itatu wayamba kuwafoletsa. Mwamudziwa kale: sajeni. Pakati pa anyamatawo muli awiri a mizere iwiri, ndipo mudzaona kuti gulu likagawika, ena kupita kukanyamula bokosi, ena kukatenga mfuti, makopolowa akhala kumutu kwa magulu amenewo. Kutsogolo kwa lole kwatsika bambo wamkulu, ndodo m'khwapa, paphewa palibe nyenyezi, padzanja pali kalamba. Sanapite kukakhala. Wafunsa kumene kuli manda, ndipo akufuna kukaona njira ndi kukula kwa dzenje. Ameneyo mutumizireni mkulu wa adzukulu ndi mwini mbumba, ndipo inu mukhale naye pansi mphindi khumi mugwirizane dongosolo: mpingo umalizira pati, asilikali ayambira pati, nkhata ziikidwa mfuti zisanalire kapena zitalira. Maliro ambiri amene ndinawaona akusokonekera anasokonekera chifukwa choti kukambirana kumeneku sikunachitike, m'busa ali pakati pa pemphero lomaliza uku lipenga layamba.

M'kagalimoto kaja mwatsika anthu atatu. Woyamba ali ndi nyenyezi ziwiri. Wachiwiri ali ndi chizindikiro chimodzi chaching'ono paphewa, ndipo bambo wandodo uja wamenya chidendene pansi n'kumupatsa sawatcha. Ameneyo ndi meja, ndipo n'zotheka kuti ndiye wolamula kampani imene malemu ankagwiramo ntchito. Mpando wakutsogolo, pafupi ndi mafumu, ndi wake, lefutenanti akhale pambali pake. Wachitatu ali ndi nyenyezi zitatu, koma pa kolala kapena pachifuwa pali kamtanda, mwinanso wavala kolala yoyera ya ubusa. Ameneyo ndi m'busa wa asilikali. Ranki yake ndi ya kaputeni, koma salamula gulu la nkhondo, ndipo malo ake ndi pamodzi ndi abusa anzake. Popereka ulemu mutchule meja poyamba pakati pa asilikaliwo. Poitana olankhula, monga mwa mwambo wathu woti wamkulu amalankhula kumapeto, mufunseni sajeni meja kuti wolankhulira gulu ndani. Nthawi zambiri amalankhula mmodzi yekha, ndipo mbiri ya ntchito ya malemu akhoza kuwerenga ofesala wamng'ono m'malo mwa wamkulu. Sajeni mejayo mumusungire mpando mzere wachiwiri, koma musadandaule akapanda kukhalapo. Adzaima tsiku lonse.

Chitsanzo cha m'busayo chikutifikitsa pa mbali yachiwiri ya funso lanu, ya ntchito. Ranki imakuuzani msinkhu wa munthu pa makwerero, koma siikuuzani chimene amagwira. Makaputeni atatu akhoza kuima pamodzi, wina dokotala, wina woyang'anira makalata ndi mwambo mu ofesi ya wolamula bataliyoni, wina wachiwiri kwa wolamula kampani. Ntchito imawerengedwa pa zinthu zina. Baji ya pachipewa imanena gulu limene munthu ali. Mtundu wa bereti umanenanso: m'mayiko ambiri otsata kachitidwe ka Angerezi, yofiirira ngati magazi ouma ndi ya odumpha ndi parachuti, ndipo yofiira kwambiri ndi ya apolisi a asilikali, amene amavalanso chansalu cha pamkono cholembedwa MP. Chansalu choyera cha mtanda wofiira ndi cha achipatala, chizindikiro chotetezedwa ndi mapangano a ku Geneva a 1949. Timapiko tosokedwa pachifuwa kapena pamkono timanena luso limene munthu anaphunzira, monga kudumpha m'ndege, ndipo pulayiveti akhoza kukhala nato pamene meja alibe.

Mamendulo nawonso si ranki. Timizere tamitundumitundu ta pachifuwa chakumanzere ndi maliboni a mamendulo, ndipo amanena kumene munthu anapita ndi zaka zimene watumikira. Sajeni amene anapita kukasungitsa mtendere ku Côte d'Ivoire ndi ku Congo akhoza kukhala ndi mizere iwiri ya maliboni, lefutenanti wake alibe ndi limodzi lomwe. Mukapita ku chipilala cha Keyala ku Zomba pa mwambo wokumbukira ankhondo mu Novembala, mudzaona nkhalamba zovala masuti wamba zili ndi mamendulo kumanzere: amenewo ndi awo. Mwa mwambo womwewu, wovala mamendulo kumanja akuvalira bambo ake kapena mwamuna wake amene anamwalira. Ine ndimafuna anthu azidziwa chimenechi, chifukwa mayi wamasiye akafika atavala mamendulo kumanja ayenera kulandiridwa monga woimira mwini wake.

Malire a zimene ndakuphunzitsanizi muwadziwenso. Choyamba, nyenyezi sizili kwa asilikali okha. Apolisi, a ndende, a zolowa ndi kutuluka m'dziko, ngakhale alonda a makampani, onse amavala zofanana nazo. Kupolisi mizere itatu ndi sajeni ndithu, koma nyenyezi za paphewa zili ndi mayina awoawo, monga insipekitala ndi supuritendenti, ndipo kumeneko kulibe kaputeni kapena meja. Choncho musanatchule ranki, yambani mwaona baji ya pachipewa ndi mawu olembedwa paphewa kapena pachifuwa kuti mudziwe kuti munthuyu ndi wa nthambi iti. Chachiwiri, asilikali a pamadzi m'mayiko ambiri amawerenga ndi mizere yagolide yozungulira mkono kapena yodutsa paphewa, ndipo mayina amasintha kulemera: kaputeni wa pamadzi, wa mizere inayi, ndi wofanana ndi kenelo, osati ndi kaputeni wa nyenyezi zitatu.

Chachitatu, mukadutsa malire a mayiko a kachitidwe ka Angerezi, muyambirenso kuphunzira. Anyamata athu amene anapita kum'mawa kwa Congo kuyambira 2013, m'gulu limodzi ndi a ku Tanzania ndi a ku South Africa, anakumana nazo zimenezi. Kumeneko aliyense amavala bereti yabuluu ya United Nations, baji ya bungweli pamkono wina ndi mbendera ya dziko lake pamkono winawo, koma ranki amavala ya kwawo. Ndiye choyamba kuwerenga ndi mbendera. Kwa Amereka mizere ya masajeni imaloza m'mwamba, kaputeni amavala timipiringidzo tiwiri tasiliva, kenelo amavala chiwombankhanga, ndipo nyenyezi imodzi ndi jenerali. Taganizani: nyenyezi imodzi imene kwathu ndi ya mnyamata wongotuluka kusukulu, kwa iwo ndi ya munthu wolamula zikwi. Kwa Afalansa ndi mayiko ambiri amene anatengera kwa iwo, maofesala amawerenga ndi timizere toongoka: titatu ndi kaputeni, tisanu ndi kenelo. Msilikali wathu akaona mizere amaganiza za sajeni, n'kudutsa kenelo osamenya sawatcha.

Pomaliza, za kaitanidwe. Ngati mwaiwerenga bwino ranki, itchuleni ndi ulemu wathu: a Meja, a Kaputeni, a Sajeni Meja. Lefutenanti kenelo pomulankhula timangoti a Kenelo, koma pomulengeza pagulu mutchule ranki yonse. Ngati mwakayika, “bwana” kapena “mayi” sizilakwika kwa aliyense, pamene kutsitsa munthu ranki pa chimkuzamawu kumapweteka, ndipo kumukweza kumamuchititsa manyazi pamaso pa wamkulu wake. Inu monga munthu wamba simuyenera kumenya sawatcha, kuvula chipewa ndi kugwirana chanza n'kokwanira. Ndipo ulendo wina gulu likadzafika, musadikire kuti mipando idzaze. Pitani kwa uja wandodo m'khwapa, kapena kwa wa mizere itatu ngati wandodo palibe, muli ndi pepala ndi cholembera, mumuuze kuti, “Bwana, ndine woyendetsa mwambo, ndilembereni amene mwabwera nawo kuyambira wamkulu.” Adzakulemberani mayina ndi maranki m'ndondomeko yake, ndipo adzakuuzaninso amene alankhule ndi amene apereke mbendera kwa anamfedwa.